Kuika mawu a nyimbo pansi pa kanema malo ndi nthawi zikachepa

Munthu akamalankhula mu kanema amapumira, ndipo woika mawu apansi, omwe ambiri timangoti masabutaito, amabako nthawi pa kupumako kuti owonera amalize kuwerenga. Nyimbo ilibe chifundo chotero. Mzere wina ukangotha unzake wayamba kale, ng'oma siidikira, ndipo nthawi yomwe mzere uliwonse udzakhale pa sikirini inaikidwa kale ndi amene anapeka nyimboyo. Choncho ntchito imayamba ndi kuwerengera kuti mzere uliwonse ungasenze zilembo zingati, kulemba kumabwera pambuyo. Mukayamba ndi kumasulira nyimbo yonse mokoma n'kumadzayesa kuilowetsa m'nthawi yake, mudzaigwira kawiri.

Titenga chitsanzo chimodzi n'kuchitsatira mpaka kumapeto: nyimbo yachikondi yoimbidwa m'chinenero china, imene tikufuna kuiikira mawu a Chichewa. Mizere yomwe ili m'munsimu ndi yongopeka pofuna kuphunzitsira.

Malire amene mukugwira nawo ntchito

Malire alipo a mitundu iwiri, a malo ndi a nthawi. Pa malo, sabutaito imodzi isapitirire mizere iwiri. Malamulo a Netflix, amene anthu ambiri a ntchitoyi amatengerako, amalola zilembo 42 pa mzere umodzi. Pa wailesi ya kanema ya ku Britain malire akale anali zilembo 37, ndipo makapushoni akale a ku America amaima pa 32. Powerenga zilembo, mpata wa pakati pa mawu, mpatuliro, ndi chizindikiro chilichonse zimawerengedwa ngati chilembo.

Pa nthawi, Netflix imati sabutaito isakhale pa sikirini nthawi yochepera magawo asanu mwa asanu ndi limodzi a sekondi, komanso isapitirire masekondi 7. Pakati pa sabutaito ndi inzake pamasiyidwa mafelemu awiri opanda kanthu, felemu kukhala chithunzi chimodzi mwa zithunzi zotsatizana zimene zimapanga kanema, kuti diso lizindikire kuti mawu asintha. Ngati kanema wanu ndi wa mafelemu 25 pa sekondi, felemu imodzi ndi masekondi 0.04, ndiye kuti mpatawo ndi 0.08.

Chachikulu pa zonsezi ndi liwiro la kuwerenga, lomwe limayezedwa ndi zilembo pa sekondi. Mu pulogalamu yolembera masabutaito ya Aegisub mudzaliona pa danga lolembedwa CPS, ndipo inzake ya Subtitle Edit nayo imalionetsa pambali pa mawu amene mukulemba. Netflix imalola 20 pa Chingerezi cha akuluakulu ndi 17 pa mapulogalamu a ana. Pa nyimbo ya Chichewa, upangiri wathu ndi wakuti muime pa 15. Wowonera nyimbo maso ake ali pa kuvina ndi pankhope ya woimba, nthawi zambiri akuonera pa foni, ndipo mawu athu ndi aatali: "ndikanakuuziranitu" ndi liwu limodzi koma muli munthu wochita, wochitiridwa, nthawi ndi kutsindika, zonse zofunika kuzimasula m'mutu. Mukalola 20, munthu adzawerenga ndithu, koma kanemayo sadzamuona.

Kuwerengera zilembo kuchokera ku ng'oma

Yambani ndi kupeza liwiro la nyimbo. Ngati munthu wa ku situdiyo alipo, mufunseni nambala ya BPM, yomwe ndi kuchuluka kwa kugunda kwa nyimbo pa mphindi imodzi. Ngati palibe, werengani kugunda kwa nyimbo kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa ndi 4. Nyimbo yathu tinene kuti ili pa 120. Ndiye kuti kugunda kumodzi ndi theka la sekondi, ndipo kugunda kunayi, komwe oimba amati baa imodzi, ndi masekondi 2.

Kenako mvetserani kuti mzere uliwonse wa nyimbo ukudya mabaa angati. M'nyimbo yathu mizere ya mavesi ikutenga mabaa awiri, masekondi 4, pomwe ya kolasi ikutenga baa imodzi, masekondi 2. Chotsanipo mpata wa 0.08 uja, mutsala ndi 3.92 ndi 1.92. Chulukitsani ndi 15. Mzere wa vesi ungasenze zilembo 58, wa kolasi 28 basi. Lembani manambala awiriwa pamwamba pa pepala lanu, chifukwa nyimbo zambiri sizisintha liwiro ndipo manambalawa adzagwira ntchito kuyambira pachiyambi mpaka pothera. Kwaya yoimba popanda zida ndi nkhani ina, poti imafulumira kapena kuchedwa mwa iyo yokha. Pamenepo yezani mzere uliwonse paokha.

Pali msonkho wina umene ambiri amauiwala. Mwambo wa ntchitoyi ndi wotsekera mawu a nyimbo ndi chizindikiro ♪ kumayambiriro ndi kumapeto kwa sabutaito, kuti wowonera, makamaka amene samva, asiyanitse kuimba ndi kulankhula. Zizindikiro ziwiri ndi mipata yake iwiri ndi zilembo 4. Pa vesi zimenezi sizipweteka, mutsala ndi 54. Pa kolasi mutsala ndi 24, ndipo apa ndi pamene mutu umawawa. Ngati nyimbo ili mkati mwa sewero lomwe anthu akulankhulanso, zizindikirozo zisungeni. Ngati kanema yense ndi nyimbo yokhayokha, palibe amene angasokonezeke, ndipo mukhoza kuzichotsa kuti mubweze zilembo zinayizo.

Kudula nthawi mawu asanalembedwe

Tsegulani kanema mu Subtitle Edit kapena Aegisub, onetsani mafunde a mawu, ndipo dulani mabokosi a nthawi opanda mawu, bokosi limodzi pa mzere uliwonse woimbidwa. Sabutaito iyambe pamene liwu la woimba layamba, osati pamene ng'oma yagunda. Oimba ambiri amalowa ng'oma isanagunde, ndipo mukatsatira ng'oma mawu anu adzachedwa pang'ono pa mzere uliwonse, zomwe wowonera amazimva ngakhale sangathe kunena chomwe chalakwika. Pa mafunde a nyimbo yosakanizidwa kale, nsonga zazitali zomwe mukuziona ndi za ng'oma ndi besi, liwu la munthu labisika m'kati. Ngati n'kotheka, pemphani ku situdiyo fayilo ya mawu a woimba okha opanda zida, muduliremo nthawi, chifukwa pamenepo poyambira ndi pothera mzere pamaoneka ndi maso. Onetsetsani kuti fayiloyo ikuyambira pamodzi ndi kanema. Ikasowa, chepetsani liwiro la kuseweretsa kufika pa theka n'kudalira khutu.

Pothera pamafuna nzeru yosiyana. Ngati mzere wotsatira ukuyamba nthawi yomweyo, tsekani mafelemu awiri usanayambe. Ngati pali kadanga ka zida zokha, siyani mawu apitirire pafupifupi theka la sekondi woimba atasiya, ndipo mzere ukakhala wothina apa ndi pomwe mungapeze nthawi yowonjezera. Woimba akakoka liwu lomaliza kwa masekondi ambiri, musasiye sabutaito ili chiimire kupitirira masekondi 7, chifukwa munthu amayamba kuiwerenganso poganiza kuti yasintha. Ichoke, liwulo lipitirire lokha.

Makanema a nyimbo amadulidwadulidwa, chithunzi chikusintha pafupifupi pa baa iliyonse. Ngati poyambira sabutaito pagwa mafelemu ochepa kuchoka pomwe chithunzi chikusintha, isuntheni iyambire pa kusinthako, ndipo ngati ndi pothera, ithe mafelemu awiri chithunzi chisanasinthe. Mawu otulukira kaphindi kakang'ono chithunzi chitangosintha amaoneka ngati akuphethira. Koma zithunzi zikamasintha kangapo mkati mwa mzere umodzi, zisiyeni, tsatirani woimba.

Kufupikitsa mzere wa vesi

Tsopano lembani tanthauzo lonse la mzere monga lilili, osasamala kutalika. Mzere wathu woyamba ukutuluka motere:

Ndidzakhala ndikukudikira pansi pa mtengo wa mkuyu mpaka dzuwa lidzalowe

Zilembo ndi 72, pomwe malo tili nawo a 54. Ukalowa chonchi mu masekondi 3.92 ukuthamanga pa zilembo zoposa 18 pa sekondi zizindikiro tisanaziike.

Musayambe ndi kutaya mfundo. Yambani ndi mawu amene Chichewa chimatha kuwameza popanda kutaya kanthu. "Ndidzakhala ndikukudikira" ndi aneni awiri ogwira ntchito imodzi, ndipo "Ndidzakudikira" akunena zomwezo ndi zilembo 14 m'malo mwa 25. "Mtengo wa mkuyu" ndi mkuyu basi, palibe amene angaganize kuti ndi chinthu china. Mzere usanduka:

Ndidzakudikira pansi pa mkuyu mpaka dzuwa litalowa

Zilembo 50, ndi zizindikiro 54, liwiro pafupifupi 14. Palibe chataika: kudikira kulipo, malo alipo, nthawi ilipo.

Njira zimenezi zimabwerezabwereza m'nyimbo iliyonse. Alowam'malo oima paokha monga "ine", "iwe" ndi "ife" achotseni ngati mneni wawanyamula kale, pokhapokha ngati woimba akutsindika kuti ndi iweyo osati wina. "Chifukwa chakuti" akhoza kukhala "poti". "Pa nthawi imene unabwera" ndi "utabwera". "Munthu amene ndimamukonda" ndi "wokondedwa wanga". Zimenezi zikatha koma mzere ukadali wautali, m'pamene mumasankha chotaya, ndipo choyamba kupita ndi afotokozi okongoletsa. Chomwe sichiyenera kupita ndi chithunzi chimene nyimbo yamangidwapo. Ngati mkuyu ukubweranso mu vesi lachitatu, kapena ukuoneka mu kanema, sungachotsedwe mu vesi loyamba ngakhale utadya malo. "Ndidzakudikira mpaka madzulo" ndi wamfupi kwambiri, koma wasandutsa nyimbo kukhala uthenga wa pa foni.

Kuyesa kuti mizere ya Chichewa ithere mofanana ngati ndakatulo, kapena kuti itheke kuimbidwa, kusiyeni. Sabutaito ndi yowerenga, nyimbo yeniyeni munthu akuimva kale m'khutu, ndipo kusaka mawu omveka mofanana kumakukakamizani kuwonjezera zilembo zomwe mulibe malo ake.

Zilembo 54 sizikwana pa mzere umodzi wa 42, choncho tithyola pawiri. Thyolani pomwe munthu angapumire polankhula:

♪ Ndidzakudikira pansi pa mkuyu
mpaka dzuwa litalowa ♪

Musasiye timawu tolumikiza monga "pa", "wa", "la", "ndi", "kwa" kapena "mpaka" tili lende kumapeto kwa mzere wapamwamba. "Ndidzakudikira pansi pa" kenako "mkuyu mpaka dzuwa litalowa" ali ndi zilembo zomwezo, koma diso limakhumudwa pakati ndipo limabwerera m'mbuyo, nthawi n'kutha. Mapulogalamu ali ndi batani lothyola mzere lokha, koma limayang'ana kutalika kwa mizere, Chichewa silichidziwa. Thyolani ndi dzanja. Liwu limodzi lisadulidwe pakati ngakhale litalike bwanji. Kumapeto kwa mzere wa nyimbo sitiika mpumiro, koma chizindikiro cha funso chimaikidwa ngati woimba akufunsa.

Kolasi yothamanga

Mizere iwiri yoyamba ya kolasi, uliwonse wa masekondi 2, tanthauzo lake ndi ili:

Usandiiwale ngakhale utapita kutali
Ndine wako mpaka muyaya

Wachiwiri uli ndi zilembo 23, ukukwana mu 24 muja. Woyamba uli ndi 35, ndi zizindikiro 39, zomwe mu masekondi 1.92 zikupitirira 20 pa sekondi. Pali njira ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake.

Yoyamba ndi kudula kwambiri: "Ukapita, usandiiwale", zilembo 20, ndi zizindikiro 24, liwiro 12.5. Mzere uliwonse ukutuluka pa nthawi yake yeniyeni, koma "kutali" wapita, ndipo mawu akusintha masekondi awiri aliwonse, zomwe zimatopetsa maso kolasi ikakhala yaitali.

Yachiwiri ndi kuphatikiza mizere iwiriyo mu sabutaito imodzi ya masekondi 3.92. Mukatero mwapulumutsa zizindikiro ziwiri ndi mipata yake, komanso mpata umodzi wa 0.08 uja, ndipo mzere wamfupi ukubwereketsa nthawi yake kwa wautali. Popanda kusintha mawu, zilembo zonse ndi 62, liwiro pafupifupi 16, lomwe lapitirira pang'ono. Tikasintha "ngakhale utapita" kukhala "ukapita" titsika pa 53, liwiro 13.5, ndipo "kutali" watsala. Mu fayilo ya SRT, yomwe imasunga masabutaito ndi nthawi zake, vesi lija ndi kolasi zikuoneka motere:

```
7
00:00:32,000 --> 00:00:35,920
♪ Ndidzakudikira pansi pa mkuyu
mpaka dzuwa litalowa ♪

8
00:00:36,000 --> 00:00:39,920
♪ Usandiiwale ukapita kutali
Ndine wako mpaka muyaya ♪
```

Taonani kuti mu nambala 8 mzere wachiwiri wayamba ndi chilembo chachikulu chifukwa ndi mzere watsopano wa nyimbo, pomwe mu nambala 7 wayamba ndi chaching'ono chifukwa ndi mzere umodzi wothyoledwa.

Nthawi zambiri njira yachiwiri ndiyo yabwino. Vuto lake ndi lakuti wowonera amawerenga mzere wachiwiri masekondi awiri usanaimbidwe. Pa nyimbo yachikondi ngati iyi palibe chowonongeka. Koma pa nyimbo yanthabwala kapena yachipongwe, imene mzere wachiwiri ndi umene ukuluma, mukaphatikiza mwaulula nthabwala woimba asanafike. Pamenepo bwererani ku njira yoyamba, mulole kutaya liwu.

Kolasi ikangokhazikika, ikopereni momwemo paliponse pomwe ikubwera. Mukamasulira mosiyana ulendo wachiwiri, wowonera amaganiza kuti mawu asintha ndipo amawerenganso mwachidwi, pomwe kolasi yodziwika amangoiponyera diso n'kubwerera ku kanema. Koma mvetserani kolasi yomaliza mosamala, poti oimba amakonda kusinthamo liwu limodzi.

Ngati nyimbo ndi ya Chichewa ndipo mawu apansi ndi a Chichewa

Apa ufulu wofupikitsa mulibe. Munthu akumva "ndidzakhala ndikukudikira" koma akuwerenga "ndidzakudikira", amaona ngati mwalakwitsa. Zotsala m'manja mwanu ndi kuphatikiza mizere, kugwiritsa ntchito timadanga ta zida, ndi kuchotsa zobwereza. Liwu loimbidwa kanayi motsatizana lilembeni kawiri. Timawu todzazira monga "eee", "aye" ndi "yelele" tichotseni pamene pathina, ndipo musatalikitse liwu polemba kuti lifanane ndi kukoka kwa woimba: "Mulunguuuu" amadya zilembo ndipo amachedwetsa diso, lembani "Mulungu". Pomwe woimba wameza chilembo, lembani monga waimbira, "n'dzabwera" kapena "m'mtima", pakuti zikugwirizana ndi khutu komanso zikupulumutsa malo. Wakumva amatha kupirira liwiro lokwera pang'ono pa nyimbo yachinenero chake poti khutu likumuthandiza, koma ngati mukulembera anthu osamva musadalire zimenezo.

Nyimbo za kwaya ndi za magule zimakhala ndi wotsogolera ndi ovomera, ndipo kawirikawiri amalowana, ovomera akuyamba wotsogolera asanamalize. Ikani wotsogolera pa mzere wapamwamba ndi ovomera pa wapansi, uliwonse uyambe ndi kamzere kopingasa, mu sabutaito imodzi. Ngati ovomera akubwereza mawu amodzimodzi nyimbo yonse, aonetseni maulendo awiri kapena atatu oyamba, kenako perekani mizere yonse iwiri kwa wotsogolera, yemwe ndi amene akubweretsa mawu atsopano. Masabutaito awiri olowana nthawi mu SRT musawayese, chifukwa mapulogalamu ena amawaunjika, ena amabisa imodzi.

Mawu a nyimbo ali ndi mwini wake. Ngati nyimbo si yanu, chilolezo cholemba kapena kumasulira mawu ake chipezeni musanatulutse kanema. Ku Malawi nkhani za umwini wa nyimbo zimayendetsedwa ndi COSOMA.

Kanema woimirira wa pa foni

Zilembo 42 zinaganiziridwa pa sikirini yopingasa. Pa kanema woimirira wa TikTok kapena wa pa sitetasi ya WhatsApp, mzere wotere umakwana pokhapokha zilembo zitachepa mpaka kusawerengeka. Yambani kuyesa ndi zilembo 24 mpaka 28 pa mzere, malinga ndi fonti yanu, ndipo kwezani mawu achoke pansi penipeni pomwe pamakhala mabatani ndi dzina la mwini akaunti.

Mzere wathu wa vesi wapamwamba uli ndi zilembo 31, ndiye sukwananso. Musapange mizere itatu. Gawani sabutaito pawiri, baa iliyonse yakeyake: yoyamba "Ndidzakudikira" pamwamba ndi "pansi pa mkuyu" pansi, yachiwiri "mpaka dzuwa litalowa". Yoyambayo ili ndi zilembo 29, zomwe mu 1.92 zikupereka 15, koma mukaikapo zizindikiro zikufika 33 ndipo liwiro lapitirira 17. Apa ndi pamene kuchotsa ♪ kumapulumutsa mzere.

WhatsApp siinyamula fayilo ya SRT pambali pa kanema, choncho mawu ayenera kuwotcheredwa m'chithunzi momwemo. Ndi pulogalamu ya ffmpeg lamulo lake ndi ili:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -vf "subtitles=nyimbo.srt" -c:a copy womaliza.mp4
```

Zilembo zikhale zoyera zokhala ndi mpendero wakuda, chifukwa zithunzi za nyimbo zimasintha kuwala pafupipafupi ndipo zoyera zokha zimasowa pa diresi loyera kapena pa thambo. Sungani kanema wopanda masabutaito ndi fayilo ya SRT padera, poti zowotcheredwa sizikonzeka.

Zikalakwika, muzizindikira bwanji

Mukaona â™ª m'malo mwa ♪, kapena Åµ m'malo mwa ŵ, fayilo ndi ya UTF-8 koma pulogalamu ikuiwerenga ngati ya mtundu wakale wa Windows. Sankhani UTF-8 potsegula ndi posunga. Mukaona kabokosi kopanda kanthu, fayilo ili bwino koma fonti ilibe chilembocho, ndiye sinthani fonti. Ngati chipangizo chikukanabe ♪, chizindikiro # chakhala chikugwiritsidwa ntchito m'malo mwake pa wailesi ya kanema ku Britain.

Mawu akamachedwa kapena kufulumira, yang'anani mzere woyamba ndi womaliza. Ngati onse aphonya ndi nthawi yofanana, wina wawonjezera kapena wachotsa kanthu kumayambiriro kwa kanema, monga chizindikiro cha situdiyo, ndipo mankhwala ake ndi kusuntha masabutaito onse pamodzi ndi nthawi imeneyo. Ngati woyamba uli bwino koma kuphonya kukukula nyimbo ikamapita, liwiro la kanema lasinthidwa. Kanema wa mafelemu 23.976 akathamangitsidwa kukhala 25, kusiyana kumafika pafupifupi masekondi 10 pa nyimbo ya mphindi 4. Subtitle Edit ili ndi pokonzera zimenezi pansi pa Synchronization, pomwe mumaloza malo enieni a mzere woyamba ndi womaliza, iyo n'kutambasula yapakati. Ndi chifukwa chake nthawi imadulidwa pa kanema womalizidwa, osati pa amene akukonzedwabe.

Manambala onse akakhala bwino, tumizani kanema pa foni yaing'ono, tsekani voliyumu, mupatse munthu amene nyimboyo sakuidziwa aonere kamodzi popanda kuimitsa. Mufunseni zomwe nyimbo ikunena, kenako mufunseni zomwe anaona m'zithunzi. Akalephera funso loyamba, pezani mzere umene anatayikira n'kuufupikitsa kapena kuuphatikiza ndi unzake. Akayankha loyamba koma osakumbukira zithunzi, liwiro lanu lakwera pa nyimbo yonse: tsitsani malire kuchoka pa 15 kufika pa 13, zomwe pa nyimbo yathu zikutanthauza zilembo 50 pa vesi ndi 24 pa kolasi zizindikiro zili momwemo, ndipo muyambirenso pa mizere imene yapitirira.